Mapepala anayi, funso limodzi

Sabata ino ndimakonzera ana anga a Sitandade 7 ntchito ya masamu, ya phindu pa malonda. Kusukulu kwathu kuno ku Zomba amakhala atatu pa desiki imodzi, zigongono kugundana, ndiye kuwauza kuti asaonerane n'kutaya mawu chabe. Ndinaganiza zolemba pepala limodzi m'mitundu ingapo, mafunso omwewo koma manambala osiyana.

Lolemba lonse linathera pa manambalawo. Funso la pepala A linali lakuti mayi wagula tomato pa K4,000 mumsika wa Zomba n'kugulitsa pa K5,000, phindu lake ndi maperesenti angati? Yankho ndi 25. Munthu wachangu angangolemba K6,000 ndi K7,000 pa pepala B, koma apo yankho likhala 16 ndi zotsala zosatha, ndipo mwana wa B avutika kuposa mnzake popanda chifukwa. Kuwirikiza nakonso sikuthandiza: K8,000 ndi K10,000 zibweretsanso 25 yemweyo, woonera n'kukhoza.

Choncho ndimayambira ku yankho. Ndimasankha mtengo wogulira ndi peresenti, mtengo wogulitsira uzituluka wokha. Mu Excel ndinaika wogulira pa A2, peresenti pa B2:

```
=A2*(100+B2)/100
```

Pepala B linakhala K6,000 ndi K7,200, yankho 20. C linakhala K5,000 ndi K6,500, yankho 30, ndipo D K3,500 ndi K4,900, yankho 40. Ndinaonetsetsanso kuti phindu la ndalama lenilenilo lisafanane, chifukwa sitepe imeneyo ili ndi malikisi ake.

Lachiwiri mphunzitsi mnzanga anafunsa, "Bwanji anayi, aphunzitsi, pomwe pa desiki amakhala atatu?" Ndinawajambulira pa bolodi. Mwana saonera wapambali yekha, amasuzumiranso pakati pa mapewa a akutsogolo. Ndi mitundu itatu, wapakati amaona A, B ndi C onse kutsogoloko, ndipo limodzi mwa amenewo n'lofanana ndi lake. Ndi inayi, desiki yoyamba ndi A B A, yakumbuyo kwake C D C, kenako A B A kachiwiri. Mzere woyandikana nawo umayamba ndi B A B.

Lachitatu ndinakachita fotokope m'tauni. Lachinayi analemba, ndipo ndinagawa ndekha mapepalawo, chifukwa akapatsirana okha dongosolo lija limasokonekera.

Pochonga Lachisanu ndinayamba ndawaunjika potsata chilembo, mulu uliwonse ndi mayankho ake. Woonera sabisika: pepala ndi la B, koma pansi palembedwa K1,000 ndi 25, manambala omwe pa funso lake palibe. Ena ochenjera anaonera njira yokha n'kuikamo manambala awo. Amenewo sindinalimbane nawo, popeza anawerengetsa okha. Chovuta chinali kukonza pa bolodi, poti aliyense amafuna funso lake. Ndinangopeka funso lachisanu, K2,000 ndi K2,300, n'kuwauza kuti aliyense akonze lake potsata limenelo.