Tsiku Limene Ndinatchula Bambo a Mnzanga Kuti Yaar

Chihindi changa chonse ndinachitola m'mafilimu. Zaka zambiri ndili pa benchi ya m'kanyumba ka kanema, kuonera anthu akuvina pamvula ndi kumenyana pamwamba pa sitima, mpaka mawu ena anandikhala m'mutu ngati ndinabadwa nawo. Ndiye atanditumiza ku Delhi kukachita maphunziro a miyezi itatu okonza mapampu a madzi, ndinakwera ndege ndili ndi mtima woti chilankhulo ndiye si nkhani.

Masabata oyamba zinayendadi. Anzanga a m'kalasi ankati yaar pafupifupi pa chiganizo chilichonse, ine ndikumabweza. Mawuwa ndi ochokera ku Chiperisi, ndipo tanthauzo lake ndi bwenzi, koma pakamwa pa achinyamata agwira ntchito ngati aise wathu. Kawirikawiri amabwera kumapeto. Chal yaar ndi tiye aise. Kya yaar ndi kudandaula, ngati mmene timanenera kuti nanga n'chiyaninso iwe. Arre yaar amanena munthu akakhumudwa, mwina sipanala yagwera m'chitsime, ndipo apa sakhala akuitana munthu, amangodandaulira mphepo. Ukakoka mawuwo, yaaar, ndiye kuti ukupempha, monga pofuna kuti mnzako akubwereke zolemba zake. Zonsezi ndinazigwira bwino. Chimene filimu sinandiuze n'chakuti aise ali ndi msinkhu wake.

Mnzanga wina wa m'kalasimo anandiitanira chakudya chamadzulo kwawo. Panjira anandiuza kuti bambo ake ndi ochokera ku Lucknow. Ine ndinangoti chabwino, osadziwa kuti akundichenjeza. Lucknow ndi mzinda wotchuka ndi ulemu wa m'kalankhulidwe, moti Amwenye amaseka kuti anthu awiri a kumeneko inawasiya sitima, aliyense akuuza mnzake kuti pehle aap, yambani ndinu kukwera.

Chitseko chinatseguka, ndipo panaima nkhalamba ya tsitsi loyera mbee, itavala zoyera zokhazokha. Ine manja pamodzi, mano onse pamtunda, ndinati, "Namaste yaar, tu kaisa hai?"

Mnzanga uja anatsokomola ngati wameza munga wa chambo.

M'mawu asanu amenewo ndinalakwitsa kawiri. Koyamba, yaar sanenedwa kwa munthu wamkulu, bwana, mphunzitsi kapena mlendo amene mwangokumana naye. Tangoganizani mkamwini kufika kwa apongozi n'kuti aise. Kachiwiri ndi tu uja. Ife tili ndi iwe ndi inu, koma Chihindi ndi Chiurdu zili ndi masitepe atatu, ndipo mneni amasintha pa sitepe iliyonse. Tu kaisa hai, kutanthauza uli bwanji, ndi ya kwa mwana wamng'ono, mnzako wa ponda apa nane ndipondepo, kapena munthu amene ukufuna kumunyoza dala. Tum kaise ho ndi ya kwa anzako wamba ndi achichepere kwa iwe. Aap kaise hain ndiyo ya ulemu. M'mafilimu tu amamveka kwambiri chifukwa anthu ake amakhala akukondana kapena akumenyana, ndipo ine ndi bambowo sitinali pa chilichonse mwa ziwirizi. Ndinayenera kunena kuti "Namaste ji, aap kaise hain?" Ka ji ako ndi kaulemu, kamagwira ntchito ya a- amene ife timaika patsogolo pa dzina, kungoti iwo amakaika kumapeto.

Bambowo sanakwiye. Anandiyankha ndi aap, pang'onopang'ono, ngati akuwerengera mwana wa sitandade 1. Ine ndinaona ngati andikonda.

Titakhala pansi, mkazi wa mnzangayo anabwera ndi madzi. Apa ndinakhoza, chifukwa ndinamutchula kuti bhabhi ji, mmene amatchulira mkazi wa mchimwene wako kapena wa mnzako. Kukhozako n'kumene kunandipatsa matama. Dzulo lake ndinali nditamuona patali kumsika, ndinamuzindikira chifukwa cha chithunzi cha m'foni ya mnzanga, ali ndi mwamuna wina amene ankamunyamulira thumba. Pofuna kuonetsa kuti ndine wochezeka ndinati, mosakaniza Chingerezi ndi Chihindi changa cha pabenchi, dzulo ndinakuonani ndi yaar wanu.

Nyumba yonse inangoti zii. Kanamveka kanali kamakina koziziritsira mpweya pawindo.

Yaar ali ndi nkhope yachiwiri. M'ndakatulo ndi m'nyimbo za Chiurdu amatanthauza wokondedwa. Pomuitana munthu, yaar ndi aise chabe, koma ukanena za mkazi kuti yaar wake, wanena kuti chibwenzi chake chamseri. Mawu osavuta a mnzake ndi dost, ndipo mnzake wamkazi wa mkazi ndi saheli. Choncho ine, mlendo amene ndinali ndisanasambe ndi m'manja, ndinali nditaulula chigololo pamaso pa apongozi onse awiri.

Mnzanga anayang'ana mkazi wake, kenako anandiyang'ana ine, n'kunena mokweza, "Arre, woh mera saala hai!"

Saala! Mawu amenewa ndinkawadziwa bwino. M'filimu munthu akangoti saala, chibakera chimakhala chili kale m'njira. Ndinadzambatuka, n'kumugwira mnzangayo m'chiuno mwamphamvu, ndikumuuza kuti aleze mtima, nkhani zotere amakamba ndi ankhoswe. M'kulimbanako chigongono changa chinagunda mbale ya dalo, nyemba zosenda zija, ndipo theka lake linapita pa zovala zoyera za bambo aja.

Saala ndi mlamu, mchimwene wa mkazi wako. Mnzanga ankangondiuza kuti bambo wa kumsika uja ndi mlamu wake. Mawu omwewo amasanduka chitukwano ukamutchula nawo munthu amene si mlamu wako, chifukwa ndiye kuti ukumuuza kuti wayenda ndi mchemwali wake. Anyamata okhaokha amatukwanizana nawo moseka, mpaka galimoto ikakana kulira amaitchulanso saala, koma pakamwa pa mlendo sakhala bwino. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: pakakhala mera patsogolo, kutanthauza wanga, ndipo munthuyo sanakunge chibakera, ndi chibale. N'chifukwa chake ena pomudziwitsa mlamu kwa alendo amanena mozungulira kuti mchimwene wa akazi anga, kuthawa mawu omwewa.

Woyamba kuseka anali amayi a mnzangayo. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya sari, ndipo ena onse anatsatira. Bambo anakasintha zovala. Munthu wanzeru akanatseka pakamwa kuyambira pamenepo n'kumangodya.

Koma panali jugaad.

Mawu amenewa ndinkawakonda kuposa onse, chifukwa pa ntchito yathu timakhalira omwewo. Jugaad ndi kukonza chinthu ndi zimene uli nazo pafupi, kuti chiyende lero, za mawa tidzaona. Mphira ya chubu cha njinga kumangira paipi yodontha ndi jugaad. Kamakina ka pawindo kaja kanali jugaad yeniyeni: bokosi la malata lokhala ndi madzi pansi ndi fani kutsogolo, litakhazikidwa pa njerwa, mipata ya m'mbali atatseka ndi katoni. M'midzi ya kumpoto kwa India dzinali ndi la galimoto imene amapanga ndi injini ya dizilo ya pampu yothirira mbewu, kuikhazika pa ngolo ya matabwa ndi zitsulo za magalimoto akufa. Imanyamula anthu ndi matumba, ilibe nambala, ndipo mabuleki ake ndi a chikhulupiriro. Munthu waluso pa zoterezi amati jugaadu. Katchulidwe kakenso kanandivuta poyamba. Chilembo chomaliza si d wathu. Lilime limapindikira m'mbuyo n'kumenya kamodzi m'kamwa chakumwamba, n'kumveka pafupi ndi r, ndipo n'chifukwa chake ku Pakistan ambiri amalemba jugaar. Kwa ife amene timasinthanitsa l ndi r tsiku lililonse, kutchula r kumafikitsa pafupi kuposa d.

Bambo atabwerako anatenga chithunzi cha mwana wawo wamkazi pakhoma. Anafotokoza monyadira kuti analemba mayeso a boma katatu, zaka zitatu akuwerenga usiku, ndipo tsopano ali pa ntchito m'boma. Ine m'mutu mwanga jugaad inali nzeru, luso, kuchenjera kwabwino. Ndinagwedeza mutu n'kuyamikira kuti imeneyo ndi jugaad yabwino kwambiri, "Bahut accha jugaad!"

Ubwino wa jugaad umathera pa zitsulo ndi mphira. Ikafika pa ntchito, malo a sukulu, chiphaso kapena tikiti ya sitima yomwe yadzaza kale, tanthauzo lake ndi kudzera kukhomo lakumbuyo. Munthu akati kuch jugaad karo, chitapo kanthu, pa nkhani ya pepala la ku ofesi, akufunsa ngati uli ndi wachibale mkatimo kapena woti n'kumupatsa ya fanta. Akati jugaad ho gaya, ndiye kuti zatheka, usafunse kuti zatheka bwanji. Ngakhale pa zitsulo pomwe, kuuza mmisiri kuti ntchito yake ndi jugaad nthawi zina n'kumunyoza kuti wangogwirizira, sizikhalitsa. Ndiye ine ndinali nditauza bambo wa ku Lucknow kuti mwana wawo ntchito anachita kugula, ndipo anagula mwaluso kwambiri. Mawu amene ankayembekezera ndi mehnat, khama.

Bambowo anabweza chithunzi pakhoma, n'kuchiwongola bwinobwino. Kenako anangoti, "Accha."

Ndinapumira m'mwamba, poti accha ndi chabwino. Mnzanga anandiponda phazi pansi pa tebulo. Pambuyo pake anandiphunzitsa kuti accha amamveka ndi kamvekedwe. Wachidule ndi chabwino, ndamva. Wokwera kumapeto ndi kudabwa, ngati zoona? Wobwereza, accha accha, ndi pitirizani ndikumva. Koma wotsika, wokoka pang'ono, wotuluka munthu akukuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndi uja timati ooh, kani ndinu otero. Wa bambo aja unali womalizawu.

Kuyambira apo ndinaganiza zoti pakamwa pazingolowa chakudya. Apanso accha anandipereka. Amayi ankati akafika ndi chapati chotentha n'kufunsa kuti aur, kutanthauza ndiwonjezere, ine pofuna kuyamikira kuti chakudya n'chokoma ndinkati accha. Iwo ankamva kuti chabwino, ikani. Chachisanu ndi chimodzi chinatsika bwino. Chachisanu ndi chitatu ndinamasula lamba mobisa. Pa chakhumi thukuta linali kamukamu, ndipo amayi anali akubweranso, mbale ili m'manja. Chihindi chonse chinandithawa. Ndinaphimba mbale yanga ndi manja onse awiri n'kukuwa m'chilankhulo cha amayi anga, "Basi! Basi!"

Amayi anaima. Bambo anatsitsa magalasi. Anati kwa mnzanga, m'Chingerezi kuti nane ndimve, awa ndi mawu oyamba amene mlendo wathu watchula molondola usiku uno. Bas m'Chihindi ndi m'Chiurdu ndi zakwana, ndipo ndi basi wathu yemweyu, wochokera ku Chiperisi ngati yaar, amene kwathu anafika kudzera m'Chiswahili.

Amayi anamwetulira, anachotsa manja anga pambale, n'kuikapo chapati china. Anati bas woyamba sawerengera.