Lachiwiri: mibulu 17 ya amayi

Nthawi ya nkhomaliro ndili kuntchito ku Limbe, mng'ono wanga wanditumizira chithunzi pa WhatsApp kuchokera kunyumba ku Chilomoni. Amayi amafuna kudziwa ngati mankhwala awo a shuga angawafikitse Lachisanu la sabata yamawa, tsiku lobwerera kuchipatala.

Anajambula kumbuyo kwa timapepala ta mankhwalato, konyezimira kuja. Dzina linkawerengeka bwino, Metformin 500 mg, koma kuwala kwa foni kunaphimba theka lonse. Komanso amayi satsata mzere potulutsa mankhwala, amangoboola pomwe chala chagwera. Ndamuuza mng'ono wangayo kuti atembenuze timapepalato, atiyale pafupi ndi zenera mosasanjikiza, azimitse kuwala kwa foni, ajambulenso.

Apa zinaoneka. Kapepala koyamba nkosayamba, mizere iwiri ya mibulu isanuisanu, yonse 10. Pa kachiwiri, malo awiri anali ophwatalala, opanda kanthu, ndipo asanu ndi awiri ankaonetsa mibulu yoyera mkati. Amene anandikayikitsa ndi malo a pakona. Anali otukuka ngati muli mbulu, koma otuwirako kusiyana ndi anzake. Pulasitiki ija nthawi zina imabwerera m'malo munthu atatulutsa kale mbulu, ndiye pachithunzi imanamiza. Mng'ono wanga atadina ndi chala inangobonyoka, kumbuyo kwake nkong'ambika. Choncho yotsala ndi 10 kuphatikiza 7, yonse 17.

Amayi amamwa kawiri patsiku, umodzi m'mawa, wina madzulo. Kugawa 17 pawiri kumapereka masiku asanu ndi atatu ndi theka, koma thekalo silinena kanthu usanadziwe ngati wa m'mawa wamwedwa kale. Ndawaimbira.

"Amayi, wa m'mawa uno mwamwa?"

"Ndamwera phala, mwanangu."

Ndiye kuti umodzi ndi wa madzulo ano, itsala 16, masiku asanu ndi atatu athunthu. Kuyambira mawa Lachitatu, mbulu womaliza adzamwa Lachitatu linalo madzulo. Lachinayi lonse alibe, Lachisanu m'mawa alibenso, ndipo tsiku limenelo pamzere wa kuchipatala munthu umatha kuchokapo dzuwa litapendeka. Ikuperewera itatu.

Nditawauza, amayi anati, "Basi ndizimwa umodzi patsiku kuti akwane." Apa ndakana ndithu. Shuga amatha kukwera munthu osamva kanthu, ludzu ndi kukodza pafupipafupi zimadzabwera atakwera kale, ndipo kuchipatala akadzawayeza angaganize kuti mlingo womwe anawalembera wachepa mphamvu. Wosintha kamwedwe ndi dokotala, osati ife.

Ndaweruka mochedwa, choncho mawa m'mawa ndikatenga buku lawo la kuchipatala ndi kapepala kamodzi, ndipite nazo kufamase. Ndikayang'anitsitsa kuti andipatse ya 500 mg yomweyo, chifukwa Metformin aliponso wa 850 mg.