Mbale yasweka, koma waswa ndani?

Anzanga a Fomu 4, makamaka inu amene timaphunzira masana titaweruka kumunda, mutu wa misintho ya aneni uja wandilowa tsopano, ndipo mtima wanga uli m'malo. Sindibwereza za -idwa ndi -edwa, kapena zoti tsinde lokhala ndi e kapena o limatenga -edwa. Zimenezo tonse tinaloweza kalekale. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti, n'chifukwa chiyani chinenero chimodzi chili ndi msintho wochitidwa poyera, wa -idwa ndi -edwa, komanso wochitidwa m'chibisira, wa -ika ndi -eka, pamene yonse iwiri imakweza pamtherankhani kuti akhale mwininkhani? Ndinkaona ngati ndi ntchito imodzi yopatsidwa mayina awiri pofuna kutivutitsa pamayeso.

Kusiyana kwake kuli pa munthu amene wachita ntchitoyo. Mukati "mbale yaswedwa", munthuyo simunamutchule, koma malo ake alipo, mwangowasiya opanda kanthu. Womvera akhoza kufunsa kuti "yaswedwa ndi yani?" ndipo funsolo ndi Chichewa chabwinobwino. Mukhozanso kunena kuti "yaswedwa dala", chifukwa pali wina amene anali ndi maganizo. Koma mukati "mbale yasweka", malo aja mwawafafaniziratu. Tayesani kunena kuti "mbale yasweka dala", muona kuti lilime likukana. "Yasweka ndi mwana" sizikumvekanso bwino. Chimene -ika ndi -eka amalola ndi chinthu chopanda maganizo basi: mbewu zawonongeka ndi mvula, galasi lasweka ndi mphepo. Ndiye msintho woyambawo umabisa dzina la munthu, pamene wachiwiriwo umakana zoti panali munthu n'komwe. N'chifukwa chake mwana amene wagwetsa mbale amathamangira kunena kuti "amayi, mbale yasweka", ngakhale sanaphunzirepo galamala.

Sindinazimvere m'kalasi zimenezi ayi. Zinanditsekukira pa chidziwitso chimene chinamatidwa pashedi pomwe alimi ang'onoang'ono a tiyi a kwathu kuno ku Thyolo amayezetsera masamba. Amalume anga ndi mmodzi wa alimiwo, ndipo maso awo anayamba kufooka, choncho anandiuza kuti, "Mphwanga, tandiwerengera apa." Chinalembedwa chonchi:

"Tikudziwitsa alimi onse kuti masamba a Lachiwiri sanalandiridwe kufakitale chifukwa anapezeka atapsa. Galimoto inachedwa. Ndalama za tsiku limeneli sizidzaperekedwa. Nkhaniyi ikuunikidwa."

Amalume anangoti, "Basi, n'zochitika," n'kunyamula dengu lawo. Ine ndinatsala ndikuyang'ana pepala lija, ndipo ndinayamba kufufuza mwininkhani wa mneni aliyense. Wa "sanalandiridwe" ndi masamba. Wa "inachedwa" ndi galimoto. Wa "sizidzaperekedwa" ndi ndalama. Wa "ikuunikidwa" ndi nkhani. Masamba, galimoto, ndalama, nkhani. Munthu akuoneka pamalo amodzi okha, pa "tikudziwitsa", pomwe palibe mlandu uliwonse. Kungofika pamene pali zopweteka, anthu onse achoka m'ziganizo, zatsala ndi zinthu zokhazokha zikuchitikirana zokha.

Aliyense wokulira m'minda ya tiyi amadziwa kuti masamba sapsa popanda chifukwa. Ukathothola m'mawa n'kuwapanikiza m'matumba, kenako n'kukhala maola ambiri osanyamulidwa, amatentha okha m'katimo. Ukapisa dzanja umamva kufunda, ndipo amayamba kufiira. Fakitale ikakana masamba otero siinalakwe. Koma alimi anabweretsa masamba awo nthawi yabwino, anayezedwa, makilogalamu analembedwa m'buku. Pakati pa sikelo ndi geti la fakitale pali munthu amene anayenera kutumiza galimoto, kapena kuitira mafuta, kapena kupeza ina itawonongeka yoyambayo. Munthu ameneyo ndi amene chidziwitso chija chinamuphimba, ndipo chinatero popanda kunama ngakhale liwu limodzi. Apa m'pamene panandidzidzimutsa: chiganizo chilichonse chinali choona.

Taonani mmene wolembayo anasankhira misintho. "Sanalandiridwe" ndi wapoyera, ndipo sanaope kuugwiritsa ntchito chifukwa yankho la "ndi yani?" ndi fakitale, anthu akunja. Koma pa kupsa kwa masamba analemba "anapezeka atapsa", osati "anapezedwa". Kupezeka n'kwa m'chibisira, palibe amene anawapeza, palibenso amene anawapsetsa. "Sizidzaperekedwa" ndi wapoyeranso, ndipo apa funso likugwira nsomba yaikulu: sizidzaperekedwa ndi yani? Ndani anagamula kuti chitayiko chonse chigwere mlimi, osati wonyamula? Chigamulo chimenecho anachipanga anthu atakhala pansi, koma chalembedwa ngati nyengo, ngati mmene timanenera kuti mvula sigwa mawa. Nanga "ikuunikidwa"? Ngati simukudziwa amene akuunika, mwezi ukatha mukagogoda pakhomo la yani?

Njira yanga tsopano ndi imeneyi, ndipo ndikuikhulupirira kwambiri moti ndikuona kuti ikanakhala poyambira pa mutu wonsewu. Mneni aliyense wa -idwa kapena -edwa ndimamuika "ndi yani?" kutsogolo kwake. Yankho likakhala lodziwika kwa aliyense, kapena losafunika, ndimadutsa. "Wakuba wamangidwa" sichibisa kanthu, tonse tikudziwa kuti omanga ndi apolisi. Koma yankho likakhala kuti wolembayo akulidziwa pamene wowerenga sakulidziwa, ndipo wowerengayo ndi amene waluza, pamenepo ndimadula mzere kunsi. Mneni wa -ika kapena -eka ndimamusintha kaye kukhala wapoyera, ndione ngati akuvomera: "ndalama zawonongeka" ikhale "ndalama zawonongedwa". Ikavomera, ndiye kuti panali dzanja la munthu. Ndayesa pa nkhani za pawailesi, pa zolengeza za kutchalitchi, pa malipoti a banki m'khonde ya amayi anga, ndipo sinandigwiritsepo fuwa la moto. Ndikukhulupirira kuti munthu wodziwa funso limeneli lokha akhoza kuyankha theka la mafunso a kumvetsa nkhani.

Pamene inakakamira ndi pa "galimoto inachedwa". Poyamba maso amakunamiza chifukwa mawuwo akuthera ndi -edwa, koma kuchedwa si msintho wochitidwa, ndi mneni wongoima payekha. "Inachedwa ndi yani?" sizikumveka. Apa pamafunika msintho wina, wochititsa: anaichedwetsa ndani? N'chimodzimodzi "ndalama zasowa": wazisowetsa ndani? "Mikungudza yatha m'phiri la Mulanje": waitha ndani, anaidula ndani, anainyamula ndani kutsika nayo? Ndiye kuti misintho iwiri yochitidwa ija imachotsa munthu m'chiganizo, pamene wochititsa umamubwezeramo. Zili patsamba limodzi m'kope mwanga, koma palibe anandiuzapo kuti zimakokana chonchi.

Apa ndiye pamandiwawa. Aphunzitsi athu anatilembera mndandanda wa misintho pabolodi, uliwonse ndi zitsanzo zake ziwiri, menya menyedwa, ona oneka, ife n'kukopera, belu n'kulira. Sindikuwanyoza, ndikudziwa kuti m'mawa amakhala ataphunzitsa kale ana ena, ndipo akamafika kwa ife mawu amakhala atasasa. Silabasi nayonso imawathamangitsa. Koma mphindi khumi zokha zikanakwana kubweretsa kalata yeniyeni m'kalasi n'kutifunsa kuti, "Anthu ali kuti m'kalatamu?" M'malo mwake timaphunzira kusintha ziganizo za galu ndi mphaka. Ku Chingerezi nakonso n'chimodzimodzi, timangotembenuza ziganizo uku ndi uku kuti tipeze malikisi, osafunsa kuti munthu wamoyo angasankhirenji kutembenuza. Ndipo nthawi yoti ndikhale pansi n'kuganiza ndekha ndimaipeza usiku, thupi litatopa, tochi ya foni ikutha moto.

Komabe sindikufuna kuti mumve ngati ndikuti misintho imeneyi ndi ya anthu achinyengo. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, mauthenga amene ankachokera ku Mulanje ndi ku Phalombe anali a mtundu womwewu: nyumba zakokoloka, mlatho waduka, anthu ena sakupezeka. Amene ankalankhula choncho sankabisa munthu aliyense, ankangofuna kuti womva uthengawo asagwe nawo pansi. Ngakhale pamene wolakwa alipo, nthawi zina kumubisa n'chifundo. Mwana akadwala usiku, achibale n'kuzengereza kupita naye kuchipatala mpaka zinthu kuipa, wonyamula uthenga kwa agogo sanganene kuti "akuchimwene anu anachedwetsa mwana". Amati "anafika naye mochedwa", kapena "thandizo silinapezeke msanga". Tsiku limenelo si la milandu. Ndipo tili ndi njira yathu ina yofewetsera imene siili pamndandanda wa misintho, ya a- wopanda dzina uja: "andibera", "atseka msewu", "akuti musabwere mawa". Ndani? Iwo. Chifukwa a- yemweyo ndi waulemu, sungadziwe ngati akunena bwana mmodzi kapena gulu, ndipo kufunsa kumaoneka ngati mwano.

Ndinayesa kulemba chidziwitso chija mwa njira ina m'kope mwanga: "Komiti sinatumize galimoto nthawi yake Lachiwiri, choncho masamba anapsa ndipo fakitale inawakana. Komiti yagamula kuti isalipire ndalama za tsikuli. Apampando adzafotokoza pamsonkhano wa Loweruka." Utali wake ndi womwewo, mawu achipongwe mulibe, koma mlimi akudziwa woti amufunse ndiponso tsiku lomufunsira. Nditawawerengera amalume anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Walemba bwino, koma mlembi amene angamate zimenezo mawa lake sadzalonjeredwa panjira." Anandikumbutsa kuti a m'komitimo ndi anthu a m'mudzi momwemo, timakumana nawo pamaliro ndi pachigayo, ena ndi apongozi a abale athu.

Pamenepo ndiye sindinapezebe poima. Kusiyanitsa -idwa ndi -ika ndakumvetsa, ndipo pamayeso sindikuopanso. Ndikuganiza kuti muyezo wake ungakhale wakuti, ngati wolandira uthenga akufunika dzinalo kuti achitepo kanthu, monga kukadandaula kapena kuitanitsa ndalama zake, kulibisa n'kumulanda. Ngati dzinalo lingangowonjezera chisoni, kulibisa n'kumusunga. Koma nanga pamene zonse ziwiri zili zoona nthawi imodzi, ngati pashedi paja? Mwinanso mlembiyo sanakhale pansi n'kukonza zobisa, mwina anangolemba mmene makalata a maofesi amamvekera, poti ndi amene tonse tinakula tikuwamva. Ngati zili choncho, sindikudziwa kuti mlandu wa kubisako ndiupereke kwa yani. Amene munalembapo makalata a komiti kapena a mpingo, kodi mumasankha dala misinthoyi, kapena imangobwera yokha m'cholembera?