Nkhomaliro yaulere ya ku Limbe

Wophika wanga atapita ku Joni osatsanzika, ndinatsala ndekha mu lesitilanti yanga ya matebulo anayi ku Limbe. Ndikamavundula nsima, kasitomala akufuna chenji. Ndikapereka chenji, nyemba zapserera. Ndiye ndinalemba chidziwitso cha ntchito.

Ndinalemba bwinobwino ndithu. Wophika akhale wodziwa nsima ya mumphika waukulu, mpunga, tchipisi ndi nkhuku ya lokolo. Weyitala akhale wodziwa kuwerengera chenji ndi kulandira ndalama za pafoni. Ntchito ndi yoyamba 6 koloko m'mawa, ndipo abwere ndi chiphaso cha unzika komanso kalata ya kuchipatala yowaloleza kugwira zakudya, poti akhonsolo akabwera amaifunsa. Kumapeto ndinati: "Bwerani Lolemba. Nkhomaliro yaulere kwa olembedwa ntchito."

Ndinatuma mwana wa achemwali anga kuti akataipitse. Iye anakulitsa zilembo za NKHOMALIRO YAULERE kuti zikope anthu, moti mawu akuti "kwa olembedwa ntchito" anagwera pa tsamba lachiwiri. Tsambalo sanalisindikize, ndalama yake anagulira mandasi. Loyambalo anakalimata ku depoti ya minibasi.

Lolemba mzere unafika mpaka pamsewu. Akabaza, oitanira minibasi, ndi agogo ena atanyamula kontena. Ine mtima mbee, ndikuti ntchito yavutadi m'dziko muno.

Ndinayamba kuwayesa. Wophika samuyesa ndi pakamwa ayi, mumangomupatsa ufa, mthiko ndi moto. Wodziwa amayamba ndi phala, n'kulisiya liwire mpaka lipse, kenaka n'kumathira ufa pang'onopang'ono uku akuvundula. Bambo woyamba anakhuthulira ufa wonse m'madzi owira nthawi imodzi. Inatuluka nsima ya mibulu, kuiswa mkati muli ufa wouma.

Mnyamata wina wa tayi ndinamuyesa uweyitala. "Achimwene, mbale ndi K3,500, kasitomala wapereka K5,000. Chenji ndi zingati?"

"Amayi, si mwalemba kuti n'zaulere?"

Ndisanamvetse, iye anali atanyamula kale nsima ya mayeso ija n'kuyamba kugawira anthu pamzere, mibulu ndi mibulu yomwe. Nkhuku yomwe ndinakonzera makasitomala anga a masiku onse inatsatira. Wina anafunsa ngati pali tsabola wa kambuzi!

Apo agogo a kontena aja anasuzumira kukhitchini. "Mwanawe, nsima imeneyi mukupatsa anthu kapena nkhumba? Bweretsa mthikowo." Anamanga chitenje, kutereka madzi, ndipo posakhalitsa anali akuomola mitanda yosalala, yofanana kukula, yosamata m'manja.

Ndinawalemba ntchito pomwepo, kalata ya kuchipatala anakatenga mawa lake. Wa tayi uja ndinamubweza, koma amabwerabe Lolemba lililonse kudzafunsa ngati pulomoshoni ija idakalipo.