Matiresi a pa denga anandimwera petulo

Ine masamu ndinkakhoza kusukulu, ndipo nkhaniyi ndinaiuzapo aliyense amene anakwera Sienta yanga m'mawa umenewo. Unali ulendo wa ku chinkhoswe cha mlamu wanga ku Mzuzu, chaka cha 2024, petulo ali pa K2,530 lita.

Usiku wake ndinakhala pansi ndi cholembera. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu kudzera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 680. Galimoto yanga imayenda makilomita 14 pa lita imodzi, ndiye malita 49 akwana. Ndinapatula K125,000, mpaka ya chimanga chootcha n'kutsala. Thanki imalowa malita 42, choncho ndinati ndidzaza pano, malita 7 enawo ndikathira ku Lilongwe. Mayi a kunyumba atati tiwonjezereko yapadera, ndinawayankha kuti galimoto siyendera mantha.

Chimene sindinadzifunse n'chakuti 14 ameneyu ndinamupeza liti. Ndinamupeza ndili ndekhandekha m'galimoto, ndi jekete basi kumpando wakumbuyo. Tsikuli tinalimo anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo apongozi anga aakazi. Pa kaliyala panakwera matumba awiri a chimanga, masutikesi, ndi matiresi aakulu a mphatso amene tinawakuta ndi lona. Matiresiwo anatukula mphumi kutsogolo ngati akufuna kuona njira. Matayala sindinawonjezere mpweya, anaphwa ngati mandasi a dzana.

Vuto loyamba linali pa zipata zolipira msewu, ku Chingeni ndi ku Kalinyeke. Sizinali m'masamu anga. Ya chimanga chootcha inathera pomwepo, ndi ya m'thumba la malaya yomwe.

Pofika ku Lilongwe tinali titayenda makilomita ngati 310. Papepala langa, singano ya mafuta inayenera kukhala cha pa theka. Inali pa kota. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kuwerengera: malita ngati 31 apita, ndiye kuti galimoto ikuyenda makilomita 10 okha pa lita. Ine ndinagogoda galasi la geji ndi chala n'kulengeza kuti mageji a masiku ano ndi abodza. Ndinathira malita 7 anga aja, tinanyamuka.

Kuyambira pamenepo lona anali akuwomba m'manja pa denga, phaphapha, ngati akundiyamikira. Ndinkathamanga pa 100 kuti tifike kusanade, osadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje. Kulemera kwa katundu kumadya mafuta makamaka pa zitunda, ngati zija za ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndi ponyamuka. Koma pa msewu wautali mbala yeniyeni ndi mphepo. Chilichonse chili pa denga chimakulitsa nkhope ya galimoto, ndipo mphepo siikankha molingana ndi liwiro chabe. Ukachoka pa 80 kufika pa 100, kukankha kwake kumawonjezeka kuposa theka. Kunena zoona ndinkayendetsa khoma.

Kasungu tinamudutsa ndikuyang'ana kumbali ngati munthu wa ngongole. Posakhalitsa kagetsi kachikasu kanayaka. Ndinakaphimba ndi risiti.

"Akamwini, kodi pamenepo mwabisa chiyani?" anafunsa apongozi.

"Ndi dzuwa, amayi, likundithobwa."

Tisanafike ku Jenda, galimoto inatsokomola kawiri, n'kugwedezeka, kenako zii. Kumanzere tchire, kumanja tchire, ndi mbuzi imodzi imene inandiyang'ana ngati inaona pepala langa lija.

Wa kabaza wa njinga yamoto ndiye anatiombola. Anabwera ndi chigubu cha malita 5, pa mtengo woposa kuwirikiza kawiri wa pa pampu, kuwonjezera ya ulendo wake. Akuthira kudzera m'botolo lodula, anayang'ana pa denga n'kupukusa mutu.

"Bwana, mukamanga chonchi muziwonjezera gawo limodzi pa magawo atatu a mafuta amene mwawerengera. Ndipo chimangachi chilowe m'kati, matiresi agone, lona mumukoke zolimba."

Ndinawerengera mumtima: 49 kuwonjezera 16, malita 65. Ulendo wathu unkafuna 68. Mnyamata wopanda cholembera anaphonya ndi malita atatu, ine wa masamu ndi 19.

Ndalama ndinalibe. Apongozi anatembenukira kumbali, anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kuwerenga mapepala amodziamodzi mokweza kuti aliyense amve. Anagulanso ena pa pampu kutsogolo. Zitunda za ku Chikangawa tinazikwera pa 70, thumba la chimanga lili pamiyendo pa mlamu wanga wamng'ono, nkhungu ili tolo, m'galimoto muli chete.

Pa chinkhoswe, atafika poti abale adziwane, apongozi anandiloza ndi ulemu wonse.

"Awa ndi akamwini anga a ku Blantyre. Amakhoza masamu."