Zikomo nonse amene munamugwira dzanja mwana wanga

Mwana wanga wachisamba, amene ali Fomu 3, anzake amusankha kukhala kaputeni wa timu ya ntchemberembaye pasukulu pawo. Ndati ndithokoze pagulu, chifukwa kunyumba kuno nkhaniyi inavuta.

Amalume ake ankati maulendo a mpira ndi amene amabweretsa mimba zapasukulu. Azakhali ake ankangoseka, amvekere: "Kamwana kafupi chonchi kangafikire golo?" Pamenepo sananame, mtengo wa golo ndi wautali mamita 3.05 ndipo mwanayu anatengera ine msinkhu.

Woyamba kumuthokoza ndi inu Madamu a zamasewero. Munaona kuti akudzivutitsa kufuna kukhala woponyera zigoli, n'kumusamutsira pakati, pamalo a senta, ovala chilembo cha C. Senta amathamanga bwalo lonse kupatula m'zigawo zoponyera zigoli, ndiye chofunika ndi mpweya, maso ndi kuganiza msanga, poti mpira suloledwa kukhala m'manja kupitirira masekondi atatu. Vuto lake linali mapazi. Akawakha mpira ali pa liwiro, ankanyamula phazi lomwe waterera n'kulipondetsanso mpira usanachoke m'manja, wezulo n'kulira, mpira n'kupita kwa adani. Inu munkamujambulira kabwalo ndi phulusa, n'kumamuponyera mpira kuti atere m'menemo, phazilo likhale ngati lakhomedwa, azizungulira ndi linalo. Madzulo ankabwereza zomwezo kuseli kwa khitchini ndi mng'ono wake, mpaka nkhuku zinasiya kudutsako.

Ukaputeni sanaupeze chifukwa choposa anzake kusewera, alipo awiri omuposa. Pa masewero ena ndi sukulu yoyandikana nayo, otchinga kumbuyo ankangoimbiridwa wezulo, mpaka anayamba kulalatira woimbira. Iye anawaletsa, nadikira nthawi yopuma, n'kupempha kaputeni wa nthawiyo kuti akafunse mwaulemu chomwe akulakwa, paja wololedwa kukafunsa anali kaputeni. Yankho linali lakuti akutchinga moyandikira kwambiri, osasiya mpata wa masentimita 90 kuchokera pa phazi la mwini mpira. Atabwerera m'bwalo wezulo inachepa. Anagonjabe, koma atsikana sanaiwale.

Zikomo aphunzitsi a masamu, amene munagwirizana ndi Madamu kuti akatsika m'kalasi ayambe wapuma mpira. Pangano limeneli ndi lomwe linafewetsa mtima wa amalume ake, osati mawu anga. Zikomo amayi a komiti ya sukulu poperekeza atsikana paulendo uliwonse n'kuwabweza kusanade. Atelala a pamsika, munasoka zilembo pa malaya asanu ndi awiri aja osalandira kanthu, Mulungu akudalitseni.

Achimwene, nanunso zikomo. Munakana poyamba, koma nsapato zomwe akusewerera pano munagula ndinu. Loweruka akusewera pabwalo la sukulu 2 koloko masana, mubwere ndi alamu.