Ulusi wa 25 unkaloza mfundo yomwe ndinafufuta kale

Usiku wathawu mtengo wanga wa ulusi wayenda kuchokera pa nambala yaing'ono mpaka yaikulu osakodwa paliponse. Vutoli landidyera masiku anayi, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale.

Ndikulemba mu C, ndipo ulusi ndaika kumanja kokha. Mtengo wa mfundo n, iliyonse yokhala ndi pointa yakumanzere ndi yakumanja, umakhala ndi mapointa n + 1 opanda kanthu. Nzeru ya Perlis ndi Thornton ya mu 1960 ndi yoti mapointa ongokhalawo agwire ntchito: mfundo ikakhala yopanda mwana kumanja, pointa yakumanjayo iziloza mfundo yotsatira pa ndondomeko. Pointa yotereyi ndiyo ulusi. Mukatero simufunanso sitaki, ngakhale fankishoni yodziitana yokha. Kuyenda konse kwagona apa:

```c
Mfundo *wotsatira(Mfundo *p) {
    if (p->ulusi) return p->manja;
    p = p->manja;
    while (p->manzere) p = p->manzere;
    return p;
}
```

Kulowetsa nambala sikunavute. Pomwe ndinagwa mpofufuta.

Ndinalowetsa 50, 30, 70, 20, 25. Apa 30 ali ndi mwana mmodzi yekha, 20, kumanzere kwake. 25 ndi mwana wakumanja wa 20, ndipo ulusi wa 25 ukuloza 30. Pofufuta 30 ndinachita zomwe tonse timachita pa mtengo wamba: ndinalumikiza 20 kwa 50, kenako `free`. Nditasindikiza panatuluka 20, 25, chinambala chachilendo chachitali, 50, 70.

Chomwe chinandisokeretsa n'choti pulogalamu sinafe. Pa Linux yanga `free` imalemba zinthu zake pa mabaiti 16 oyambirira a malo omwe mwabweza, ndipo mu `struct` yanga m'menemo ndi momwe muli nambala ndi pointa yakumanzere. Pointa yakumanja ndi chizindikiro cha ulusi zili patsogolo, choncho zinatsala bwinobwino. Ulendo unkalowa m'mfundo yakufayo, kuwerenga zinyalala, n'kutsata ulusi wake wakale kukafika kwa 50 ngati palibe chachitika. Masiku awiri ndinkangokayikira `printf`.

Tsiku lachitatu zinafika poipa. Nditafufuta 30 ndinalowetsa 10, ndipo sikirini inadzaza ndi 10, 20, 25, 10, 20, 25 osaleka mpaka ndinadina Ctrl+C. Chinachitika n'choti `malloc` inapereka kwa 10 malo omwe aja munali 30, poti kukula kwake n'kofanana. Ulusi wa 25 tsopano unkaloza 10, yemwe ulusi wake umapita kwa 20, basi kumangozungulira. Ndinakhumudwa kwambiri, koma kuzungulirako ndi komwe kunandionetsa kuti vuto lili pakati pa 25 ndi womutsatira. Nditamanga ndi `-fsanitize=address` inandiuza `heap-use-after-free` m'luupu yanga yosindikiza. Ndikadayamba ndi chimenechi Lolemba.

Kenako ndinajambula mtengowo pa pepala, ulusi ndi bolopeni yofiira, ndipo lamulo linaonekera lokha. Pa mtengo wa ulusi wakumanja, mfundo imalozedwa ndi ulusi pokhapokha ngati ili ndi nthambi yakumanzere, ndipo ulusiwo ndi umodzi, wochokera kwa mfundo yomwe ili kumanja kwenikweni m'nthambiyo. N'chifukwa chake mayeso anga oyamba ankadutsa: ndinkafufuta masamba ndi mfundo za mwana wakumanja yekha, zomwe palibe ulusi wozilozera. Mankhwala ake ndi mizere itatu musanaitane `free`:

```c
Mfundo *q = p->manzere;
while (!q->ulusi) q = q->manja;
q->manja = p->manja;
```

Apa 25 watenga ulusi wa 30, ndiye akuloza 50. Mizereyi ndi ya mfundo yomwe ilibe mwana kumanja. Ya ana awiri ndimakopera nambala ya womutsatira n'kufufuta womutsatirayo, yemwe sakhala ndi mwana kumanzere.

Mwina wina afunsa chifukwa chomwe sindinangotenga njira ya Morris ya mu 1979, yomwe imamanga ulusi wongoyembekezera poyenda n'kuumasula pobwerera. Ndinaiyesapo chaka chatha ndipo ndi yokongola, safuna chizindikiro chilichonse m'mfundo. Koma mukaima pakati pa ulendo mtengo umatsala wosokonekera. Ine ndikufuna kugwira pointa imodzi, kusiya, kukachita zina, n'kudzapitiriza pomwe ndinasiyira. Ulusi wokhazikika umalola zimenezo, bola mfundo mwagwirayo isafufutidwe.

Cholinga changa ndi kuika mtengowu pa Arduino Uno yanga, yomwe ili ndi makilobaiti 2 okha a memore yogwirira ntchito. Kumeneko, mukamayenda ndi fankishoni yodziitana yokha, mtengo wopendekera mbali imodzi ungadye sitaki mpaka kugundana ndi zinthu zina mwakachetechete. Ndikufunanso kuonjezera ulusi wakumanzere kuti ndiziyenda chobwerera, kenako kusandutsa mtengowu AVL, mtengo wodziwongola wokha kuti usapendekere. Ndayamba kujambula momwe ulusi umasinthira potembenuza mfundo, ndipo tsamba loyamba ladzaza kale ndi mizere yofiira.